Mabakiteriya a mu yogati: ndi angati amafikadi m'matumbo, ndipo amakachitako chiyani?

Makapu a yogati masiku ano amalankhula kwambiri. Pena alembapo kuti muli mabakiteriya amoyo, pena alembapo kuti pulobayotiki, pena angojambulapo mimba yosalala ndi kamuvi koloza pansi. Wogula akaona zonsezi amamva uthenga umodzi, woti ndikadya ameneyu m'mimba mwanga mukhala bwino. Ineyo yogati ndimamukonda ndipo sindikufuna kuti wina amusiye. Chimene chimandipweteka n'kuona munthu akuwonjezera ndalama imene waipeza movutikira, pogula lonjezo limene wopangayo sanalembe n'komwe. Kunena kuti mabakiteriya ali moyo m'kapu ndi nkhani ina, kunena kuti amafika m'matumbo ali moyo ndi nkhani inanso, ndipo kunena kuti akafika amathandiza thupi ndi nkhani yachitatu. Lebulo imatha kunena zoona pa yoyambayo n'kukusiyani kuti ziwiri zinazo mudzimalizire nokha.

Yogati weniweni amapangidwa ndi mabakiteriya a mitundu iwiri, Streptococcus thermophilus ndi Lactobacillus delbrueckii subsp. bulgaricus. Mkaka amautenthetsa kaye, kenako amauziziritsa mpaka madigiri pafupifupi 42, n'kuthiramo awiriwa. Iwo amadya gawo la shuga wa mumkaka n'kumusandutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amalimbitsa mkaka ndi kuupatsa kuwawasa. Choncho kampani ikalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti yogati wathu ali ndi mabakiteriya amoyo, nthawi zambiri imangonena chimene yogati aliyense amayenera kukhala nacho. Muyezo wa dziko lonse wa mkaka wosasa, wa bungwe la Codex Alimentarius, umene unakhazikitsidwa mu 2003, umati galamu iliyonse ya yogati izikhala ndi mabakiteriya osasitsawa osachepera 10 miliyoni, ndipo chiwerengerochi chizikhalabe choncho mpaka tsiku lotha ntchito lolembedwa pa kapu.

Pali mtundu wina umene amautenthetsanso ukatha kusasa, kuti uzikhala miyezi pa shelefu popanda filiji. Mmenemo mabakiteriya anafa kale. Chakudyacho si choipa, puloteni ndi kashiamu zilimobe, koma muyezo womwewo umati pa lebulo pazionekera kuti anachitenthetsa chitasasa kale. Mukapeza "yogati" ataikidwa pamodzi ndi mabisiketi, tsiku lake lotha ntchito lili kutali miyezi ingapo, musayembekezere chamoyo chilichonse mmenemo.

Mawu akuti pulobayotiki ali ndi tanthauzo limene akatswiri a mabungwe a FAO ndi WHO anagwirizana mu 2001 ku Córdoba, m'dziko la Argentina: tizamoyo tating'ono timene munthu akatidya tili moyo, pa mlingo wokwanira, timapindulitsa thanzi lake. Kulemera kwa tanthauzoli kuli pa mlingo ndi pa phindu, ndipo phinduli limayenera kuonetsedwa pa anthu, ndi bakiteriya yemweyo amene ali m'kapu.

Apa mlimi wa chimanga amva msanga. Palibe amene amalowa m'sitolo ya zaulimi n'kungoti ndipatseni chimanga. Amatchula dzina la mbewu ndi nambala yake, chifukwa ina imacha msanga, ina imapirira chilala, ina imafumbwa ikangolowa m'nkhokwe, ngakhale zonsezo ndi chimanga. Mabakiteriya nawonso ali ndi dzina la banja, dzina la mtundu, kenako zilembo kapena nambala zoloza mbewu yeniyeniyo. Mu dzina lakuti Lactobacillus rhamnosus GG, mbali imene imakulumikizani ndi kafukufuku ndi GG yo. Mu Bifidobacterium animalis subsp. lactis BB-12, ndi BB-12 yo. Lebulo ikangoti muli Bifidobacterium kapena L. acidophilus popanda nambala, simungadziwe ngati bakiteriya ameneyo anayesedwapo pa munthu aliyense, ndipo zimene anapeza pa mbewu ina sizisamukira kwa inzake chifukwa chofanana dzina la banja.

Tsopano tiwerengere limodzi, ndi kapu ya magalamu 150.

Tiyerekeze kuti lebulo yatchula kuti awonjezeramo Bifidobacterium, koma sinanene kuchuluka kwake. Muyezo wa Codex umati bakiteriya wowonjezera amene watchulidwa pa lebulo azikhala osachepera 1 miliyoni pa galamu. Ngati kampani yangokwaniritsa mlingo wotsikitsitsawu, m'kapu yathu muli 150 miliyoni. Osasitsa awiri aja, mu yogati watsopano wosungidwa bwino, kawirikawiri amaposa 100 miliyoni pa galamu, kutanthauza 15 biliyoni m'kapu yomweyo. Ziwerengero zoterezi pa lebulo zimalembedwa ndi zilembo za CFU, chifukwa powerenga amathira kadontho ka yogati wosungunula pa mbale ya mu labotale, n'kuwerenga timagulu timene tamera. Chakufa sichimera, ndiye CFU imawerenga okhawo amene akadali ndi mphamvu yoswana.

Onsewa akamezedwa amafikira m'chifu. Munthu akakhala kuti sanadye, asidi wa m'chifu amakhala wamphamvu kwambiri, pH yake, muyezo umene umatsika asidi akamakula mphamvu, imakhala cha pa 2 kapena kutsikirapo, ndipo mabakiteriya ambiri a mkaka sakhalitsa mmenemo. Chakudya chikalowa asidiyo amayamba wachepa mphamvu, ndipo puloteni ya mu yogati imathandiza kumuziziritsa kwa kanthawi. N'chifukwa chake bakiteriya womezedwa pamodzi ndi chakudya ali ndi mwayi woposa womezedwa ndi madzi okha m'mimba muli gwa. Opulumuka m'chifu amakakumana ndi ndulu kumayambiriro kwa matumbo aang'ono. Ntchito ya ndulu ndi kusungunula mafuta, ndipo khungu la bakiteriya lili ndi mafuta, choncho ambiri amabooka pamenepo.

Kudziwa kuti apulumuka angati si ntchito yapafupi. Ofufuza a ku France, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, ankalowetsa kapaipi kakatali kudzera pamphuno kapena pakamwa pa anthu odzipereka, n'kumakoka zimene zikudutsa m'matumbo aang'ono munthuyo atadya mkaka wosasa. Anapeza kuti osasitsa a yogati ndi ofooka pa ulendowu: opyola chifu ali moyo anali pafupifupi 1 pa 100 aliwonse. L. acidophilus, amene amatchuka kwambiri pa malebulo, nayenso anafika kumapeto kwa matumbo aang'ono ali wochepa chimodzimodzi, osakwana 2 pa 100. Mbewu ya Bifidobacterium imene anayesa ndi imene inalimba, pakati pa 20 ndi 40 pa 100 inafika ili moyo. Ziwerengerozi zinasiyana kwambiri pakati pa munthu ndi munthu, ndipo ndi za mbewu zimene anayesazo basi, koma zikutipatsa poyambira.

Tibwerere ku kapu yathu. Pa Bifidobacterium 150 miliyoni, akapulumuka 30 pa 100 aliwonse, afika 45 miliyoni. Pa osasitsa 15 biliyoni, akapulumuka 1 pa 100, afika 150 miliyoni. Ofooka aja aposa olimba, chifukwa ananyamuka ali ambiri. Ichi n'chifukwa chake mawu akuti "amafika m'matumbo ali moyo" paokha sandikhutiritsa. Popanda kudziwa kuti ananyamuka angati, mawuwo sakukuuzani kanthu, ndipo ngakhale atapulumuka mmodzi pa chikwi, kampani singanenedwe kuti yanama.

Nanga kumene akupitako akupezako ndani? Kuwerengera kwa ofufuza a ku Israel kwa mu 2016 kunati m'thupi la munthu wamkulu muli mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ndipo pafupifupi onsewo amakhala m'matumbo aakulu. Alendo 45 miliyoni aja pakati pa eni mudzi amenewa ndi ngati mmodzi pa 800,000. Malo onse ali ndi eni ake, chakudya chili ndi ochidya kale. Zimene kafukufuku wapeza mobwerezabwereza n'zakuti mabakiteriya a mu yogati ndi odutsa. Amaoneka m'chimbudzi pa nthawi imene munthu akudya yogatiyo tsiku ndi tsiku, ndipo akasiya amazimiririka pa masiku ochepa, kawirikawiri sabata imodzi kapena ziwiri. Mu 2018 gulu la ofufuza a pa Weizmann Institute ku Israel linapita patsogolo, linayang'ana pakhungu la m'kati mwa matumbo ndi makina oonera m'mimba m'malo mongodalira chimbudzi. Linapeza kuti matumbo a anthu ena amalola alendowa kukhazikika kwa kanthawi, a anthu ena amawakaniratu, ngakhale kuti m'chimbudzi cha magulu onse awiri mabakiteriyawo ankaonekamo. Kutuluka ali moyo sikutsimikizira kuti agwirako ntchito.

Sindikunena kuti wodutsa sangachite kanthu. Angathe, pa nthawi imene akudutsayo. Koma zikatero phindu lake limadalira kudya tsiku lililonse ndiponso pa mlingo umene unayesedwa, ndipo apa ndi pamene nkhani ya Activia imatiphunzitsa zambiri.

Activia ndi yogati wa kampani ya Danone, imene ku America imadziwika kuti Dannon. Ali ndi mbewu yodziwika nambala yake, Bifidobacterium animalis subsp. lactis DN-173 010, imene pa malonda ku America ankaitcha Bifidus regularis. Mbewuyi ndi imodzi mwa zofufuzidwa kwambiri, imapirira asidi, ndipo makapu amene ankagwiritsa ntchito pa kafukufuku ankakhala ndi mabakiteriyawa oposa 10 biliyoni pa kapu. Kunena kwina, pa dzina, pa chiwerengero ndi pa kupulumuka, kampaniyi inali patsogolo pa ambiri. Vuto linali pa lonjezo. Malonda ake ankapatsa anthu chithunzi choti kapu imodzi pa tsiku imathetsa vuto losachita chimbudzi bwinobwino, ndiponso kuti chakumwa chake china, DanActive, chimathandiza kupewa chimfine. Ogula anakasuma, ndipo mu 2009 kampaniyo inavomera kuika padera madola 35 miliyoni obwezera anthu. Mu Disembala 2010 bungwe la boma la America loyang'anira malonda, FTC, linati malonjezowo analibe umboni wokwanira, ndipo kampaniyo inagwirizana zolipira madola 21 miliyoni ku zigawo 39 za dzikolo, ngakhale kuti sinavomere kulakwa. Mfundo ya m'mgwirizanowo imene ndimaikumbukira kwambiri ndi iyi: ngati ikufuna kunenabe kuti Activia amathandiza pa vuto la chimbudzi, izinena poyera kuti pamafunika makapu atatu pa tsiku. Munthu wogula kapu imodzi pa Loweruka ali kutali kwambiri ndi mlingo umenewo.

Ku Ulaya anakhwimitsa kuposa pamenepo. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya la EFSA linaunika malonjezo mazanamazana okhudza mapulobayotiki, a chitetezo cha m'thupi, a kugaya chakudya, a "kukonza" mabakiteriya a m'matumbo, ndipo linawakana. Ena anakanidwa chifukwa mbewu yake sinafotokozedwe mokwanira, ena chifukwa phindu lonenedwalo linali losayezeka, ena chifukwa kafukufuku pa anthu anali wofooka. Kuyambira mu Disembala 2012 ngakhale liwu lakuti pulobayotiki linayamba kutengedwa ngati lonjezo la zaumoyo losavomerezeka, ngakhale kuti mayiko ena monga Italy ndi Spain amalilola potsata malamulo awoawo. Alipo asayansi amene amati EFSA inaumitsa zinthu mopitirira, ndipo pena ndimawamvetsa, chifukwa kuyeza phindu la chakudya pa munthu amene sakudwala n'kovuta. Komabe ndimaona kuti ndi bwino mtolo wa umboni uzisenzedwa ndi wogulitsa.

Lonjezo limodzi lokha ndi limene linadutsa, ndipo silikhudza mabakiteriya owonjezera odula aja. Likukhudza osasitsa awiri wamba: mabakiteriya amoyo a mu yogati amathandiza anthu ovutika kugaya shuga wa mumkaka kuti agaye shuga wa mu yogatiyo. Kuti kampani ilembe zimenezi, galamu iliyonse iyenera kukhala ndi osasitsa amoyo osachepera 100 miliyoni, kuwirikiza kakhumi mlingo wa Codex.

Kwa ife nkhaniyi ndi yapafupi kwambiri. Anthu ambiri padziko lapansi, kuphatikizapo ambiri a kum'mwera kwa Africa kuno, akakula thupi lawo limachepetsa kupanga lakitezi, chinthu chimene chimagaya shuga wa mumkaka m'matumbo aang'ono. Shuga wosagayikayo amatsikira m'matumbo aakulu, mabakiteriya a kumeneko amamudya n'kutulutsa mpweya, ndipo munthu amamva mimba kuwira, kufufuma, pena kutsegula kumene. Ambirife tikudziwa wachibale amene amati mkaka sumuyanja. Mu 1984 ofufuza a ku Minnesota anapatsa anthu otere magalamu 18 a shuga ameneyu, tsiku lina mumkaka, tsiku lina mu yogati, n'kumayeza mpweya wa haidirojeni m'mpweya umene ankapuma, chifukwa umenewu umasonyeza kuchuluka kwa shuga wosagayika. Atadya yogati, haidirojeni anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a amene anatuluka atamwa mkaka, ndipo odandaula za m'mimba anali ochepa kwambiri.

Mmene zimachitikira ndi zimene zimandisangalatsa. Mabakiteriya a yogati ali ndi lakitezi wawo m'kati mwawo. Lakitezi atakhala poyera, asidi wa m'chifu angamuwononge, koma khungu la bakiteriya limamuteteza mpaka atawoloka. Akafika m'matumbo aang'ono ndulu imaboola khungu lija, shuga ndi lakitezi zimakumana, ndipo kugaya kumachitikira pamalo pomwe thupi limafunira. Bakiteriyayo safunika kukafika m'matumbo aakulu ali moyo, safunikanso kukhazikika. Chofunika n'chakuti alowe m'kamwa ali wathunthu, ndiye chifukwa chake yogati wotenthetsedwa atasasa kale sathandiza mofanana, poti kutentha kumawononga bakiteriya ndi lakitezi yemwe. Phindu la yogati lokhala ndi umboni wolimba kwambiri limachokera kwa mabakiteriya omwe aja amene 99 pa 100 aliwonse amafera m'njira. Onaninso malire ake: akuthandizani pa shuga wa mu yogati amene mwadyayo, sakuchiritsani kuti mawa muzimwa mkaka wamba popanda vuto.

Pali malo amodzi pamene lonjezo la pa lebulo lingapweteketse munthu, ndipo ndi pa mwana wotsegula m'mimba. Mu 2018 kafukufuku wamkulu wa ku America, wa ana oposa 900 amene anafika kuchipatala akutsegula m'mimba, anayesa Lactobacillus rhamnosus GG pa mlingo wa 10 biliyoni kawiri pa tsiku kwa masiku asanu. Ana amene analandira sanachire msanga kuposa amene sanalandire. Imeneyo ndi mbewu yotchuka, pa mlingo woposa kutalitali wa Bifidobacterium wa m'kapu yathu ija. Mwana akatsegula m'mimba, choyamba ndi Thanzi ndi zinki, kupitiriza kumuyamwitsa ndi kumudyetsa, ndi kuthamangira kuchipatala akayamba kufooka, kulowa maso kapena kuonetsa magazi m'chimbudzi. Yogati angakhale chimodzi mwa zakudya zake ngati wafika msinkhu wodya, koma salowa m'malo mwa zimenezi.

Ziwerengero zonse ndatchulazi zikuyerekeza kuti kapu yakhala mozizira, cha pa madigiri 4, kuchokera ku fakitale mpaka m'manja mwanu. Kwathu kuno magetsi amazima maola ambiri, filiji ya pagolosale imatsegulidwa kosalekeza, ndipo pena yogati amayenda mtunda wautali m'galimoto yopanda choziziritsira. Yogati akafunda, L. bulgaricus amadzuka n'kuyambiranso kupanga asidi. Oyamba kufa ndi Bifidobacterium, amene sapirira kukhala masiku ambiri mu asidi wochuluka, komanso amadana ndi mpweya wa okosijeni umene umalowa pang'onopang'ono kudzera m'pulasitiki wa kapu. Ndiye kuti bakiteriya amene munalipirira ndalama yowonjezera ndi amene amayamba kutha. Chiwerengero chotsimikiziridwa mpaka tsiku lotha ntchito chili ndi tanthauzo kuposa cha tsiku lopangira, ndipo kapu yatsopano imaposa imene yatsala masiku awiri. Timadzi tachikasu pang'ono pamwamba si vuto, mungotakasa. Kuwawasa kobaya lilime kumasonyeza kuti kapuyo yakalamba kapena inafundapo. Chivindikiro chikafufuma, kapena mukamva fungo ngati la mowa, ndiye kuti yisiti walowerera, makamaka mu yogati wa zipatso ndi shuga wambiri, ndipo ameneyo ngwotaya.

Kulimba kwa yogati sikutsimikizira chilichonse, chifukwa ena amalimbitsa ndi sitachi kapena jelatini. Ngati mukufuna kudziwa kuti osasitsa ali moyo, njira ilipo ya kukhitchini. Wiritsani lita imodzi ya mkaka, muusiye uzizire mpaka pamene chala choyera chingakhalemo osapsa koma mukumva kufunda ndithu. Thiranimo masupuni awiri akuluakulu a yogati wopanda zokometsera, takasani, tsanulirani mu fulasiki yotsuka bwino kapena mukulunge poto ndi bulangete, ndipo musagwedeze kwa maola 6 mpaka 8. Mkaka ukalimba n'kumanunkhira kuwawasa koyera, osasitsa anali moyo ndipo anali ambiri. Ukakhalabe madzimadzi, mwina anali akufa kapena ofooka, koma mwinanso munathira mkaka ukadali wotentha kwambiri kapena unazizira msanga, choncho yesaninso musanaweruze. Mkaka umene wakhala wofunda maola onsewo osasasa musamwe. Kuyesaku kuli ndi malire ake: kumaonetsa za osasitsa awiri aja basi. Za Bifidobacterium kapena mbewu ina yowonjezera sikunena kanthu, ndipo mukamapitiriza kupanga yogati kuchokera ku yogati wanu, owonjezerawo amanka nachepa chifukwa mumkaka osasitsa amaswana msanga kuwaposa.

Anthu amandifunsanso za chambiko, ndi mabisi a ku Zambia. Nazonso ndi mkaka wosasa, ndipo ngati sizinatenthetsedwe zitasasa zimakhala ndi mabakiteriya amoyo ochuluka. Koma osasitsa ake kawirikawiri ndi ena, amene amagwira ntchito pa kutentha wamba kwa m'nyumba osati pa madigiri 42, ndipo chopangira pakhomo chimasiyana mphika ndi mphika. Lonjezo lovomerezeka ku Ulaya lija linayesedwa pa mabakiteriya awiri a yogati, choncho sitingangolinyamula n'kuliika pa chambiko. Amene mkaka sumuyanja angayese pang'ono, theka la kapu pamodzi ndi nsima, n'kuona mmene m'mimba muchitire pa maola angapo otsatira. Chimene ndimaumirira pa chambiko chopangira pakhomo ndi kuwiritsa mkaka usanasase, chifukwa kusasa pakokha sikupha tizilombo tonse timene mkaka wosawiritsa ungatenge kuchokera ku ng'ombe yodwala, monga ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe.